Pansi pa silabu: mchenga ndi pepala loletsa chinyezi, kuchuluka kwake kwenikweni

2 Meyi: miyala yatsenderedwa

Nyumba yake ndi yosasanjikiza. Makoma a maziko afika pa levulo, ndipo khoma limodzi lapakati lagawa pansi ponse m'zigawo ziwiri. Chigawo chachikulu ndi mamita 10.4 mulitali ndi 4.2 mulifupi, chaching'ono ndi 10.4 mulitali ndi 3.2 mulifupi. Miyeso imeneyi ndi ya mkati, kuchokera kukhoma kukafika kukhoma. Chachikulu chikupereka masikweya mita 43.7, chaching'ono 33.3, zonse pamodzi 77.

Pulani ya injiniya ikuti kuyambira pansi pakhale miyala yotsenderedwa yokhuthala mamilimita 150, pamwamba pake mchenga wa mamilimita 50, kenako pepala la pulasitiki la maikiloni 300 (ena amalitchula geji 1200), waya wa meshi, ndiye konkire ya mamilimita 100. Miyala yatha lero. Makina otsendera adutsapo mpaka thupi la miyala lasiya kusuntha munthu ukapondapo.

Amisiri awerengera pa chikwama cha simenti chopanda kanthu: 77 kuchulukitsa ndi 0.05 ndi makiyubiki mita 3.85, choncho mchenga 4 ukwana, ndipo mpukutu umodzi wa pepala wa mamita 4 mulifupi ndi 25 mulitali uli ndi masikweya mita 100, utsalako ndithu. Masamu ake ndi olondola. Mchenga wa makiyubiki 4 waitanitsidwa. Pepala ndati tidikire kaye, chifukwa nambala ya 77 ndi ya pansi pokha, pomwe pepala silithera pansi.

5 Meyi: mchenga ukuthawira m'miyala

Lori itafika ndayeza bodi yake isanakhuthule: mamita 3 mulitali, 1.8 mulifupi, mchenga wofika masentimita 75. Ndi makiyubiki 4 osapereweza. Tisanayambe kuyala, takhoma matabwa anayi kukhala bokosi lopanda pansi la mita imodzi mbali zonse, taliika pa miyala ija pakona ya chigawo chachikulu, n'kuyamba kuthiramo mchenga ndi ndowa ya malita 20, kutsendera ndi chitsulo chamanja tikathira ndowa iliyonse.

Pa pepala la masamu, sikweya mita imodzi ya mamilimita 50 imadya malita 50, ndiko kuti ndowa ziwiri ndi theka. Ndowa yoyamba inangozimirira. Tinkauona mchenga ukuyoyokera m'mipata ya miyala chitsulo chikamenya, ndipo pamwamba panatsala nsonga za miyala zili mbee ngati sitinathirepo kanthu. Kuti tifike pa mamilimita 50 otsenderedwa bwino panalowa ndowa zinayi, malita 80. Kuchulukitsa ndi 77, ndi makiyubiki 6.2. Mulu umene uli pabwalowu sungafike n'kumapeto kwa chigawo chachiwiri komwe.

Malita 30 owonjezerawo akupita malo awiri. Ena akudzaza mipata ya miyala. Ena sanalipo n'komwe, chifukwa mchenga wonyowa pang'ono umafufuma: madzi ochepa omata timiyala take amatikankhanitsa, mulu n'kumaoneka waukulu kuposa mmene ulili. Izi n'zosavuta kuziona. Tadzaza chidebe choongoka m'mbali ndi mchenga wa pamulu, osautsendera, kufika masentimita 30, n'kuthiramo madzi mpaka mchenga wonse wamira, n'kutakasa. Watsika kufika pa 25. Ndiye kuti pa makiyubiki 6 alionse a mchenga wotere, weniweni ndi 5. Apa pali posamala. Ena amawonjezera 20 peresenti ya kufufuma, n'kuwonjezeranso 20 ina ya kutsendera, pomwe mbali yaikulu ya zimene makina amafinya ndi mpweya womwewo umene unalowa chifukwa cha kufufuma. Bokosi la matabwa lija limayeza zonse pamodzi, ndipo ndi nambala yake imene ndikuikhulupirira.

6 Meyi: chingwe chaulula zina

Takunga chingwe kuchokera pamwamba pa khoma lina la maziko kufika pa linzake, n'kumayeza kuchokera pa chingwe kutsika mpaka pa miyala, mita ndi mita. Pamwamba pa silabu padzalingana ndi pamwamba pa makomawa, choncho paliponse pamayenera kupezeka mamilimita 150: konkire 100 ndi mchenga 50. M'chigawo chaching'ono zili bwino. M'chachikulu pakati pabwera mphako yosaoneka ndi maso, malo ena 175, ena 160, ndipo tikaphatikiza zonse miyala yatsika ndi mamilimita pafupifupi 15.

Mamilimita 15 amamveka ngati si kanthu, koma pa masikweya mita 43.7 ndi makiyubiki pafupifupi 0.7, mawilibala khumi a malita 65. Pa nyumba ino milimita 10 iliyonse imene levulo yaphonya pansi ponse ndi makiyubiki 0.77. Chinthu china chiyenera kudzaza danga limenelo, ndipo likasiyidwa idzalidzaza ndi konkire, yomwe ndi yodula kuposa zonse zili pano.

Mmodzi mwa amisiri anati, "Bwana, tingothira mchenga wambiri pakatipo, ulingana wokha." Ndakana, ndipo akulu awo agwirizana nane. Ntchito ya mchenga uwu ndi imodzi: kubisa nsonga za miyala kuti zisaboole pepala, n'kupereka pamalo posalala. Sunyamula katundu bwino ukakhala wokhuthala, umasuntha ukapondedwa, ndipo mchenga wosalala umapitiriza kuyoyokera m'mipata ya miyala ngakhale silabu itathiridwa kale, n'kusiya mphako pansi pa pepala. Chotsekera mipata ndi kukweza levulo chikhale fumbi la miyala yophwanyidwa ndi makina, lija losakanikirana ndi timiyala ting'onoting'ono, chifukwa timiyala take n'tamakona ndipo timalumana tikatsenderedwa.

Taitanitsa makiyubiki 2.5 a fumbilo: 1.5 wa mipata (malita 20 pa sikweya mita iliyonse), 0.7 wa mphako ija, ndi pang'ono potsalira.

9 Meyi: fumbi lalowa, tayesanso

Fumbi tamwaza mopyapyala, kusesera m'mipata ndi tsache lolimba, kuwaza madzi pang'ono, makina n'kudutsa. Pomwe makina aulula mipata ina tamwazanso. Pamwamba tsopano patsekeka, ukaponda sipaphwanyika phokoso la miyala. Chingwe chikupereka pakati pa 148 ndi 153 paliponse.

Bokosi la matabwa labwereranso. Ulendo uno ndowa zitatu zakwana, malita 60, ndiye nyumba yonse ifuna makiyubiki 4.6. Kunena zoona fumbi silinachepetse katundu wogula, pakuti 2.2 amene walowa kuphatikiza 4.6 ndi 6.8, pomwe mchenga wokha ukanalowa pafupifupi chimodzimodzi tikawerengera mphako ija. Chimene tapindula ndi pansi polimba. Taonjezera kiyubiki imodzi ya mchenga. Yatidulira mopweteka, chifukwa lori imalipiritsa ulendo wonse kaya yadzaza kaya ayi, moti ndalama yonyamulira kiyubiki imodziyi yatsala pang'ono kufanana ndi ya makiyubiki 4 aja. Amene akuwerenga asanaitanitse, ayese bokosi lija kaye, katundu yense abwere ulendo umodzi.

10 Meyi: kuyala mchenga

Mchenga wachiwiriwu wabwera ndi timiyala tosongoka ndi tizidutswa ta mitengo, ndiye wonse wadutsa pa sefa ya mabowo a mamilimita 5. Zotsala pa sefa zadzaza mawilibala awiri, ndipo chilichonse mwa izo chikanatha kukhala bowo pa pepala. Taika mapaipi awiri achitsulo ngati njanji, kuyala mchenga pakati, kukoka ndi thabwa loongoka, kuwaza madzi, kutsendera, n'kudzaza mizere imene mapaipi asiya. Mankhwala a chiswe apoperedwa madzulo. Mchenga watsala mawilibala owerengeka.

12 Meyi: kuwerengera pepala ndi zidutswa, osati ndi malo

Apa ndi pamene ndakhalitsa, chifukwa masamu a tsiku loyamba aja ndi amene amasokeretsa anthu ambiri.

Pepala likafika pakhoma siliima. Liyenera kukwera m'mbali mwa silabu, mamilimita 100, kenako kugona pamwamba pa khoma la maziko mamilimita 150 kuti lamba wa pulasitiki wa m'khoma, uja amisiri amati dipisi, adzalisanjikize. Zikapanda kukumana ziwirizi, chinyezi chimakwera m'njerwa za maziko n'kulowa mu silabu chakumbali, ndipo pepala lonse lapansi lija silithandiza m'mphepete mwa zipinda. Pamwamba pa izo ndikuwonjezera mamilimita 50 kuti pepala lisakungike pangodya. Ndiye mbali iliyonse imadya mamilimita 300, ndipo khoma lapakati lili ndi mbali ziwiri zoterezi.

Chigawo chaching'ono tsopano chikufuna mamita 11 mulitali ndi 3.8 mulifupi. Chachikulu chikufuna 11 ndi 4.8. Zonse pamodzi ndi masikweya mita 94.6, ndipo tisanaike msoko ngakhale umodzi tachoka kale pa 77 ndi pafupifupi 23 peresenti. Mpukutu wa 100 ukuonekabe ngati ukwana. Koma mpukutu sugulitsidwa ngati madzi oti n'kuthira paliponse, uli ndi mulifupi mwake, mamita 4, ndipo ndi umenewo umene umalamula kadulidwe.

Chigawo chaching'ono n'chokoma: chidutswa chimodzi cha mamita 11 chiyala chonse popanda msoko, masentimita 20 n'kutsala m'mbali. Chachikulu chimaposa mulifupi mwa mpukutu ndi masentimita 80. Tikayala mopingasa, chidutswa chilichonse chikhala chotalika mamita 4.8, ndipo zitatu zoterezi zimakuta mamita 12, pomwe tikufuna 11. Mita yotsalayo igawidwa pa misoko iwiri, uliwonse kusanjikizana theka la mita, kuposa kwambiri mamilimita 150 amene ndi ocheperapo ololedwa pa msoko womata ndi tepi. Zitatuzo ndi mamita 14.4 a mpukutu. Kuphatikiza ndi 11 aja, ndi 25.4. Mpukutu ndi 25. Waperewera ndi masentimita 40.

Njira yokakamiza ilipo, ndipo amisiri anaiona msanga. Tikayala chigawo chachikulu mulitali ndi chidutswa cha mamita 11, pa mpukutu patsala mamita 3, amene angadulidwe tizidutswa titatu ta mita imodzi mulifupi n'kulumikizidwa kuti titseke mzere wotsala m'mbali mwa khoma. Zikwanadi. Koma pamenepo pakhala msoko wautali wa mamita 11, wodutsana ndi misoko ina iwiri, pafupi ndi khoma pomwe pepala limapindika komanso pomwe mapaipi a zimbudzi akutulukira, ndipo sipatsala ngakhale kachigamba kamodzi. Msoko uliwonse ndi malo amene chinyezi chingadutsire. Ndasankha kugula mamita 5 owonjezera. Pa mpukutu tidula 11, 4.8 ndi 4.8, patsala 4.4 wa zigamba, ndipo chidutswa chachitatu chichokera pa mamita 5 atsopanowo.

14 Meyi: mpukutu wopepuka

Mpukutu wafika utalembedwa maikiloni 300, koma mnyamata mmodzi anautsitsa ndi dzanja limodzi osavutika. Pulasitiki wa mtundu umenewu amalemera pafupifupi magalamu 0.92 pa kiyubiki sentimita, choncho sikweya mita imodzi ya maikiloni 300 ndi magalamu 276, ndipo mpukutu wa masikweya mita 100 uyenera kuyandikira makilogalamu 27 kapena 28. Wa maikiloni 250 umakhala pa 23. Taukoleka pa sikelo: makilogalamu 19. Limenelo ndi pepala la maikiloni pafupifupi 200, kapena mpukutu ndi waufupi kuposa zolembedwazo. Ndi zala simungasiyanitse mosavuta, koma sikelo sinama, bola muchotsepo kulemera kwa chikatoni chapakati ngati chilipo.

Wabwezedwa. Wogulitsa sanatsutse ataona nambala. Wina wabwera madzulo, makilogalamu 27, ndipo mamita 5 aja adulidwa pa mpukutu wa mtundu womwewo. Tsiku la amisiri lapita osayala kanthu, malipiro ake alipo ndithu. Ndagulanso tepi ya mitundu iwiri: yomata mbali zonse, yoika mkati mwa msoko, ndi yotambalala yomata mbali imodzi, yotseka pamwamba.

15 Meyi: kuyala

Tayamba m'mawa mphepo isanadzuke. Aliyense wayang'ana pansi pa nsapato zake kaye, pakuti kamwala kokanirira m'mizere ya jombo n'kokwanira kuboola. M'mbali mwa makoma a maziko munali zotsalira za matope a simenti zouma zosongoka, ndipo zagwetsedwa ndi chipande pepala lisanakhudze.

Misoko iwiri ija ndi mamita 9.6 onse pamodzi. Tepi yoyamba inakana kugwira chifukwa cha mame ndi fumbi la mchenga, inkangosendeka. Tapukuta ndi nsalu youma, kudikira dzuwa pang'ono, kuika thabwa pansi pa msoko kuti pakhale polimba potsindikizira, n'kulisolola tikamatha. Yagwira.

Makona ndi asanu ndi atatu, ndipo palibe imene yadulidwa. Pepala lotsalira pakona limapindidwa kukhala khutu la makona atatu, monga mmene timapindira nsalu yoyala pakona ya matiresi, n'kuligoneka kukhoma ndi tepi. Mpeni ukalowa pakona, bowo lake limakhala pansi penipeni pomwe tepi sifika bwino.

Chovuta chinaoneka m'chigawo chaching'ono. Anyamata anakoka pepala kuti lioneke losalala, n'kulipanikiza ndi njerwa pamwamba pa khoma. Kuyang'ana pangodya pomwe mchenga ukumana ndi khoma, pepala silinali kukhudza pansi, linangodutsa mopendekeka n'kusiya mphako yolowa dzanja. Kuligogoda ndi chala linkalira. Konkire ikanagwera pamenepo ikanaling'amba, kapena kulikoka kuchoka pakhoma. Tachotsa njerwa, kulikankhira m'ngodya ndi thabwa losasongoka kuzungulira chigawo chonse, kenako n'kubwezera njerwa. Mamilimita 50 osungira aja athera pamenepa. Makwinya ochepa pakati pa chipinda alibe vuto, kukungika ndiko koopsa.

Mapaipi otuluka pansi ndi anayi. Pa iliyonse taboola kamtanda kakang'ono kuposa paipi kuti pepala lilowe mothina, kenako chigamba cha masentimita 50 mbali zonse chokhala ndi bowo lothina chavekedwa kuchokera pamwamba, kumatidwa ku pepala mbali zonse zinayi ndi kukulungidwa ndi tepi pa paipi. Chigamba chimodzi chimadya tepi yoposa mamita awiri. Pofika madzulo tepi yapamwamba yapita mamita pafupifupi 25, pomwe misoko yokha inali yosakwana 10.

17 Meyi: meshi ndi madzi a mvula

Meshi ndiyo mdani wamkulu wa pepala. Nsonga zake zodulidwa zaboola malo asanu ndi awiri, ambiri m'mbali mwa makoma pomwe waya anakhula pepala lokwera. Tawapeza poyenda chokwawa mzere ndi mzere, ndipo lililonse lalandira chigamba chopitirira bowo ndi mamilimita 150 mbali zonse. Meshi yotsala yanyamulidwa ndi anthu anayi n'kutsitsidwa pamalo pake, osakoka. Zokwezera meshi ndi timabuloko ta konkire tosalala pansi. Zidutswa za njerwa ndi miyala zakanidwa.

Usiku kunagwa mvula, ndipo m'mawa zigawo zonse zinali madamu. Ndinapeza mnyamata atanyamula kachitsulo, akuti, "Ndingoboola pang'ono, bwana, madzi atsike." Akulu a amisiri anamuletsa ndisanayankhule. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndipo mwini nyumba sadziwa chifukwa konkire imabisa zonse tsiku lomwelo. Madzi achotsedwa ndi ndowa, zitini zapulasitiki ndi masiponji. Kuima kwa madziwo kunatithandizanso, popeza pomwe akanatsika okha pakanakhala bowo limene sitinalione.

18 Meyi: konkire

Mawilibala ayenda pa matabwa okwezedwa, ndipo konkire yakhuthulidwa pafupi ndi pansi, kuyambira kumapeto. Pa misoko tathira motsatira mmene chidutswa chapamwamba chagonera, kuti konkire isalowe pansi pa mlomo wake n'kuutukula. Pa masamu inali makiyubiki 7.7, yalowa pafupifupi 8. Mphako ija ikanasiyidwa tikanayandikira 9.

Pa pepala konkire simwedwa madzi ndi nthaka, onse otsalira amakwera pamwamba. Madzi anayandama nthawi yaitali kuposa mmene amisiri anazolowera, ndipo wina anafuna kumwaza simenti youma kuti asalaze msanga. Tadikira mpaka kunyezimira kwatha. Kusalaza madzi akadalipo kumasiya khungu lofooka limene limadzafumbutuka. Chotsala cha pepala chafunditsidwa pa mbali ina ya silabu kuti isaume msanga, kwina masaka onyowa.

Pa ndalama zonse za silabu, pepala ndi tepi sizinafike gawo limodzi mwa magawo khumi. Zimene zakwera mosayembekezera ndi maulendo a lori ndi tsiku lotayika lija.

26 Meyi: mlomo wa pakhoma

Pepala logona pamwamba pa makoma lakhala padzuwa ndi pansi pa mapazi kwa sabata yathunthu. Pakhomo lolowera, pomwe mawilibala a njerwa akhala akudutsa, lang'ambika kutalika kwa mita imodzi ndi theka, kufika m'mphepete mwenimweni mwa konkire. Kumata chigamba pa kamlomo kotsalako kunali kovuta, ndiye pamenepo tapaka phula loletsa madzi pamwamba pa khoma kufika pa silabu, n'kuika dipisi yotambalala kuposa inzake kuti ipitirire mpaka pamwamba pa konkire. Kwina konse mlomo uli bwino, mamilimita pakati pa 130 ndi 160.

Amisiri ayala matope a simenti opyapyala, mlomo wa pepala pamwamba pake, dipisi pamwamba pa mlomowo, ndiye mzere woyamba wa njerwa. Zotsala zolendewera zidulidwa njerwa zikagwira. Makomo onse awiri tawaphimba ndi matabwa mpaka mafelemu adzalowe. Tisanadzaike matailosi tidzamata kachidutswa ka pulasitiki ka masentimita 45 mbali zonse pa silabu, pakati pa chipinda ndi m'mphepete mwa khoma lakhomo lija, n'kukasiya usiku wonse. Pansi pake pakapezeka madontho kapena konkire yoderapo, ndiye kuti silabu ikadatulutsa chinyezi, ndipo matailosi adzadikira.